Matumba 17 a chimanga asowa m'kaundula wathu, kodi ndi chinyezi kapena pali china?

Mlembi wa ku Kasungu:
Zikomo akuluakulu onse. Ndine mlembi wa kopaletivu ya alimi a chimanga, ndipo mawu anga ndi odandaula, chifukwa dzina langa layamba kudetsedwa kumudzi. Kuyambira kumayambiriro kwa Meyi mpaka pakati pa Juni tinalandira matumba 400 a makilo 50 kuchokera kwa mamembala athu, kutanthauza makilo 20,000. Thumba lililonse linakwera pa sikelo, mwini wake akuona, ndipo ndinamulembera lisiti. Sabata yathayi, mu Ogasiti muno, wogula anabwera ndi lole. Titapima zonse tinapeza makilo 19,150 okha. Makilo 850 palibe, omwe ndi matumba 17. Loko sanathyoledwe, makiyi ali atatu kwa anthu atatu, ndipo mlonda ndi mkulu wa mpingo amene tonse timamukhulupirira. Loweruka kuli msonkhano waukulu. Ndikawauza chiyani anthu?

Mnyamata wa ku Salima:
Amenewo ndi anankafumbwe mayi. Munathira mankhwala? Kwathu kuno kukutentha, chimanga chosathira sichitha miyezi itatu, chimasanduka ufa wokhawokha.

Mlembi wa ku Kasungu:
Ayi achimwene, tinathira pomwe tinkasanja matumba, ndipo wogulayo anabaya matumba ambiri osapeza chofumbwa. Chimanga chinali choyera bwinobwino. Vuto ndi kulemera basi.

Bambo a ku Mchinji:
Mayi mlembi, mtima pansi kaye. Ndinagwira ntchito yolandira mbewu m'nyumba yosungiramo katundu zaka zambiri, ndipo nkhani yanuyi imabwera chaka ndi chaka. Ndiuzeni zinthu ziwiri. Wogulayo atayeza chinyezi anapeza zingati? Ndipo inu polandira munkayeza chinyezi n'kulemba?

Mlembi wa ku Kasungu:
Wogula anapeza 12.5 peresenti. Ifenso kamakina koyezera tili nako, tinakalandira chaka chatha. Ndinkayeza n'kulemba pambali pa dzina la munthu, koma sitinkadula kanthu, chifukwa komiti inati kudula kungathamangitse mamembala, akapite kwa mavenda. Titaona kuti choyambacho chinali chosauma, tinachikhuthula n'kuchiyanika pa matenti masiku angapo, n'kuchipeta, n'kuchibwezera m'matumba omwewo. Ndangotsegula bukuli tsopano. Ndikaphatikiza, zikugwa m'magulu atatu: matumba 120 oyambirira anali pa 18, matumba 180 apakati anali pa 15, ndipo 100 omaliza anali pa 13.

Bambo a ku Mchinji:
Mwachita bwino kwambiri kulemba manambala amenewo, ndi amene akakupulumutseni Loweruka. Thumba la chimanga lili ndi zinthu ziwiri, chimanga chenichenicho ndi madzi amene ali m'kati mwa njere. Chikamauma, chimanga chenichenicho sichipita kulikonse, amapita ndi madzi okha. Ndiye timayamba tapeza chimanga chenicheni chimene chinabwera, kenako n'kuona kuti chidzalemera bwanji madzi akatsika kufika pa 12.5. Kawerengedwe kake ndi aka:

```
kulemera kouma = kulemera kolandira × (100 − chinyezi cholandira) ÷ (100 − 12.5)
```

Tiyeni titenge gulu lanu loyamba. Matumba 120 ndi makilo 6,000. Pa 18 peresenti, chimanga chenicheni ndi magawo 82 pa 100 aliwonse. Ndiye 6,000 kuchulukitsa ndi 82, n'kugawa ndi 87.5, tipeza makilo 5,623. Pamenepo papita makilo 377. Gulu lachiwiri, makilo 9,000 pa 15, lichulukitseni ndi 85 n'kugawa ndi 87.5, mupeza 8,743, papita 257. Gulu lomaliza, makilo 5,000 pa 13, litsala 4,971, papita 29 okha. Mukaphatikiza, madzi okha anyamula makilo 663, kupitirira pang'ono matumba 13. Munayenera kuyembekezera makilo 19,337 pa tsiku logulitsa, osati 20,000. Amene akufunika kufufuza ndi makilo 187, osati 850.

Mlembi wa ku Kasungu:
Bambo, ndabwereza pa foni kawiri ndipo ndapeza zomwezo. Manja akunjenjemera. Masiku onsewa sindimagona.

Wapampando wa ku Dowa:
Zoona zimenezo, chimanga chimapepuka chikauma. Koma a ku Mchinji mwatalikitsa njira. Ife timangochotsera. Ngati chabwera pa 18 ndipo tikufuna 12.5, kusiyana kwake ndi 5.5, ndiye timadula makilo 5.5 pa makilo 100 aliwonse. Mlimi aliyense amamva zimenezo, ngakhale amene sanapite patali kusukulu. Takhala tikutero zaka zinayi.

Bambo a ku Mchinji:
A wapampando, njira yanuyo ili pafupi, ndipo ikuposa kusadula konse, koma imadula mochepa nthawi zonse. Onani pa makilo 6,000 aja. Inu mungadule 330, pomwe madzi otuluka ndi 377. Makilo 47 amenewo, pafupifupi thumba lathunthu, adzasowa pogulitsa. Chifukwa chake n'chakuti 18 ija ndi gawo la chimanga chonyowa cholemera kwambiri, pomwe 12.5 ndi gawo la chimanga chimene chapepuka kale. Simungachotsere manambala awiriwo ngati akuchokera pa mulu umodzi. Kuchoka pa 18 kufika pa 12.5, makilo 100 amatsala 93.7, osati 94.5.

Wapampando wa ku Dowa:
Ndamva, koma ife sitinapezepo kusowa kwakukulu. Mwina chifukwa sitilandira chopitirira 15.

Bambo a ku Mchinji:
Ndi chimenechodi. Pa 15 kusiyana kwa njira ziwirizi ndi kochepa, inu mumadula 2.5 pomwe poyenera ndi 2.9. Kumakula chinyezi chikakwera. Ngati vuto ndi kufotokozera alimi, lembani tebulo pa chipepala chachikulu, muchipachike pafupi ndi sikelo. Thumba la makilo 50 pa 13 liwerengedwa 49.7, pa 14 liwerengedwa 49.1, pa 15 ndi 48.6, pa 16 ndi 48.0, pa 17 ndi 47.4, pa 18 ndi 46.9. Munthu aziona yekha asanatsitse matumba m'ngolo.

Mayi a ku Dedza:
Ine ndilankhule ngati mlimi, osati wa komiti. Nkhani imeneyi inandipweteka chaka chatha. Kwathu kuno kumazizira, nthawi ya chiperoni dzuwa silioneka masiku angapo. Ndinasiya chimanga pa mikukwe, ndinakolola, ndinatonola, ndinayanika pa tenti ndi ana anga, kutulutsa m'mawa, kulowetsa madzulo, mpaka ukaluma njere imachita kuti gobede. Anzanga ena anathamangira kupereka chawo chikadali chofewa kuti akhale oyamba pa mndandanda. Pogulitsa panapezeka kusowa, ndipo komiti inati tigawane tonse mofanana. Ndinadulidwa chimodzimodzi ndi amene anabweretsa madzi. Mayi mlembi, Loweruka musakalole zogawana mofanana. Chaka chamawa palibe adzavutike kuyanika.

Bambo a ku Mchinji:
Mayi a ku Dedza anena mfundo yaikulu kuposa masamu anga aja. Taonani pa nkhani ya ku Kasunguyi. Makilo 850 pa 20,000 ndi 4.25 peresenti. Mukagawa mofanana, amene anabweretsa makilo 1,000 adulidwa makilo 42.5, kaya chinali chouma kaya chonyowa. Koma amene anabweretsa pa 13, madzi ake anali osakwana makilo 6. Amene anabweretsa pa 18, madzi ake anali makilo 63. Ndiye wouma uja walipirira mnzake kupitirira theka la thumba. Chilungamo n'chakuti aliyense awerengeredwe makilo ake ouma malinga ndi chinyezi chimene chinalembedwa pa dzina lake, ndipo makilo 187 otsalawo ndi amene agawidwe kwa onse, aliyense molingana ndi kuchuluka kwa chimene anabweretsa. Amenewo sakwana kilo imodzi pa makilo 100.

Msungichuma wa ku Ntchisi:
Pamenepo ndiye pali vuto lina. Mayi mlembi anati malisiti analemba makilo 50 pa thumba. Mlimi ali ndi pepala m'manja lolemba makilo 1,000. Mukamuuza lero kuti ndi 937, ayankha kuti bwanji simunanene tsiku lomwelo. Ndipo alondola. Lamulo lodula liyenera kuvomerezedwa ndi msonkhano waukulu nyengo isanayambe, lilembedwe m'maminitsi. Kulibweza m'mbuyo n'kovuta.

Mlembi wa ku Kasungu:
Zimenezo n'zoona a msungichuma. Pa lisiti ndinkalemba dzina, tsiku, matumba ndi makilo. Chinyezi chili m'buku langa lokha, ndipo mlimi sanasainepo. Ena anaona ndikuyeza, ena anatuma ana ndi ngolo.

Msungichuma wa ku Ntchisi:
Ndiye Loweruka mukaike njira zonse ziwiri pa bolodi, ndi manambala ake, msonkhano usankhe wokha. Inu musakasankhire anthu. Koma za chaka chamawa, ife lisiti yathu ili ndi mapepala atatu a kaboni. Loyamba la mlimi, lachiwiri limatsala ndi wosunga makiyi a nyumba ya katundu, lachitatu silichoka m'buku. Pa lisitipo timalemba nambala ya membala, tsiku, chiwerengero cha matumba, kulemera pa sikelo, kulemera kwa matumba opanda kanthu, chinyezi, kenako makilo ouma, ndipo ndi nambala yomalizayi imene mlimi amasainira kapena kudinda chala. Wopima ndi wina, wolemba ndi wina. Madzulo aliwonse awiriwo amawerenga matumba amene alowa tsikulo n'kufananiza ndi malisiti asanatseke chitseko. Mulu uliwonse uli ndi khadi lake lomangirira pa thumba la pakona, losonyeza matumba alowa ndi otuluka. Tsiku limene khadi ndi buku zasiyana, timadziwa mawa lake lomwe, osati mu Ogasiti.

Mtsikana wa ku Lilongwe:
Ndimathandiza kopaletivu ya amayi anga kulemba pa kompyuta. Ngati muli ndi Excel kapena Google Sheets ngakhale pa foni, ikani makilo mutachotsa matumba mu E, chinyezi mu F, ndipo mu G lembani izi:

```
=ROUND(E2*(100-MAX(F2,12.5))/87.5,1)
```

Chinyezi muzilemba 15 osati 15%, apo ayi yankho lituluka lolakwika. MAX ijayo ikutanthauza kuti chouma kuposa 12.5 chimawerengedwa monga chilili, sichidulidwa komanso sichiwonjezeredwa. Koma buku la pamanja musalisiye, foni imatayika.

Mayi a ku Dedza:
Mwana wanga, bwanji sichiwonjezeredwa? Ngati wonyowa akudulidwa, ine amene ndabweretsa pa 11 bwanji osandionjezera? Ndapereka chimanga chenicheni chochuluka pa thumba lililonse.

Bambo a ku Mchinji:
Mwa masamu mwalondola mayi. Makilo 1,000 pa 11 ali ndi chimanga chofanana ndi makilo 1,017 pa 12.5. Koma wogula salipira masamu, amalipira zimene sikelo yake yaonetsa, ndipo ogula amene ndinagwira nawo ntchito sankaonjezera mtengo chifukwa chauma kwambiri. Kopaletivu ikakulemberani 1,017, makilo 17 amenewo ali pa pepala pokha, m'nyumba ya katundu mulibe. Adzachokera m'thumba la wina.

Mayi a ku Dedza:
Koma chouma changacho chikasanjidwa ndi cha anzanga cha pa 14, n'chimene chimathandiza kuti mulu wonse udutse kwa wogula. Phindu limenelo likupita kwa ndani?

Msungichuma wa ku Ntchisi:
Funso limenelo ifenso tinakangana nalo misonkhano iwiri osamaliza. Tinangogwirizana kuti obweretsa chouma azikhala oyamba kulandira ndalama wogula akalipira. Ena sanakhutire mpaka lero.

Mlimi wa mtedza wa ku Nkhotakota:
Pepani ndilowepo ndi yanga. Ife timasonkhanitsa mtedza woswa. Alipo ena amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda, ena kuti ulemere. Kodi tebulo la a ku Mchinji lingagwire kwa ife?

Bambo a ku Mchinji:
Kawerengedwe n'komweko, koma tebulolo ayi, chifukwa nambala yofikira ndi ina. Mtedza woswa umafunika kuuma kwambiri kuposa chimanga, cha m'ma 7 peresenti, ndiye m'malo mwa 87.5 muika 93. Funsani wogula wanu nambala yake musanayambe kulandira. Koma mtedza wowazidwa madzi ine ndingati musadule makilo, ubwezeni. Vuto lake si kulemera kokha, ndi chuku, ndipo thumba limodzi lachuku likhoza kukanitsa katundu yense. Ngakhale pa chimanga, kudula makilo si chilolezo cholowetsa chonyowa mu mulu. Cha pa 18 chikasanjidwa osayanika chimatentha m'kati n'kuchita nkhungu. Mayi mlembi anachita bwino kuchikhuthula.

Mlembi wa ku Kasungu:
Tibwerere ku makilo 187 aja bambo, chifukwa ndikudziwa pali mkulu wina adzaima n'kunena kuti chabwino madzi tamva, nanga matumba anayi enawo ali kuti?

Bambo a ku Mchinji:
Tiyeni tiwasake mmodzimmodzi. Choyamba, polandira munkachotsa kulemera kwa thumba lopanda kanthu?

Mlembi wa ku Kasungu:
Ayi. Singano ikafika pa 50 tinkasoka. Koma wogula anachotsa magalamu 100 pa thumba lililonse.

Bambo a ku Mchinji:
Matumba 400 pa magalamu 100 ndi makilo 40. Atsala 147. Chachiwiri, munati munapeta gulu loyamba lija. Mankhusu, tizidutswa ta zitsononkho, mchenga ndi njere zowola zimene munachotsa, munazipima?

Mlembi wa ku Kasungu:
Sitinapime. Amayi amene ankapeta anatenga kukapatsa nkhuku. Zinali ndowa zingapo, sindingathe kutchula nambala.

Bambo a ku Mchinji:
Nambala imeneyo ndiye yatayika, ndipo musakaipeke pa msonkhano. Mukanene chilungamo kuti tinapeta koma sitinapime. Kuyambira lero, chilichonse chotuluka m'nyumba imeneyo, ngakhale zosesa pansi, chizikwera pa sikelo n'kulembedwa. Chachitatu ndi kamakina kaja. Timakina ta m'manja sitiloza ndendende, kusiyana ndi theka la peresenti n'kwachizolowezi. Theka la peresenti pa makilo 20,000 ndi makilo 114. Mwaona kuti kalakwidwe kakang'ono ka makina kangathe kudya pafupifupi zonse zotsalazo. Ndipo nthawi zambiri polandira kamaonetsa nambala yotsika kuposa yeniyeni. Mlimi akayanika chimanga chonyowa pa dzuwa lamphamvu tsiku limodzi n'kubwera nacho chikadali chofunda, kunja kwa njere kumakhala kouma pomwe m'kati muli madzi. Mukachiyeza pomwepo mupeza 15, mukachisiya m'thumba usiku umodzi mupeza chakwera. Ndiye chofunda chiziyamba chazizira pa mthunzi. Komanso musatape pakamwa pa thumba pokha, poti pamwamba ndi pomwe pamauma msanga, ndipo ena amaikapo chouma dala. Bayani pamwamba, pakati ndi pansi, m'matumba angapo a munthu mmodzi, musakanize m'beseni, muyeze katatu n'kutenga nambala ya pakati. Onaninso kuti makina aikidwa pa chimanga osati pa soya, ndipo mabatire si ofooka.

Mlembi wa ku Kasungu:
Apo ndiye ndagwidwa. Masiku a chipwirikiti, ngolo zitandandalika panja, ndinkatapa dzanja limodzi pa thumba loyamba n'kuyeza kamodzi.

Wapampando wa ku Dowa:
Musaiwale sikelo. Yanu ndi yopachika kapena yapansi? Ife timaiyesa m'mawa uliwonse ndi chigubu cha malita 20 cha madzi, chiyenera kuonetsa makilo 20.

Mtsikana wa ku Lilongwe:
A wapampando, lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, zoona, koma chigubu chili ndi kulemera kwake, ndipo chikadzaza mpaka pakhosi chimapitirira malita 20. Bola kupima chigubu chodzaza pa sikelo yodindidwa, n'kulemba nambalayo pachigubupo ndi penti.

Bambo a ku Mchinji:
Ndi mwala waukulu umathekanso, bola ukhale womwewo tsiku lililonse ndipo kulemera kwake kukhale pafupi ndi makilo 50, chifukwa sikelo ya sipulingi ikhoza kulondola pa 20 n'kunama pa 50. Koma zimenezo n'zongodziyang'anira. Sikelo yochitira malonda iyenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards n'kuikidwa chizindikiro chawo. Sikelo yanu ikamaonjezera magalamu 300 okha pa thumba, amene pa sikelo yopachika diso silingaone n'komwe, pa matumba 400 ndi makilo 120. Ndipo musaganize kuti yolakwa ndi yanu basi. Ya wogulayo munaona chizindikiro chake?

Mlembi wa ku Kasungu:
Yathu ndi yopachika, ya singano, ndipo papita nthawi isanayesedwe. Ya wogula inali yapansi ya manambala. Chizindikiro sindinayang'ane, ndinali wotanganidwa kuwerenga matumba okwera lole.

Mnyamata wa ku Salima:
Nanga ife opanda makina tizitani? Agogo amangoluma njere.

Mayi a ku Dedza:
Alangizi anatiphunzitsa za mchere. Botolo louma lagalasi, muikemo chimanga ndi mchere wouma bwino, mutseke, mukhutchumule, mudikire pang'ono. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimanga sichinaume.

Bambo a ku Mchinji:
Mchere ndi mano zimakuuzani kuti chauma kapena ayi, zimathandiza posankha kulandira kapena kubweza. Koma sizikupatsani nambala, ndiye simungadule nazo makilo a munthu. Opanda makina ndi bwino kungokana chosauma, chikayanikidwenso.

Mayi mlembi, chinthu chimodzi chomaliza chimene chingasiyanitse madzi ndi kuba. Pa lole panakwera matumba angati? Ngati matumba anali 400 koma opepuka, ena 47 ena 49, ndiye palibe thumba linatuluka pakhomo, ndipo opepuka kwambiri ayenera kukhala a gulu loyamba lija. Ngati munadzazitsanso kufika pa 50, anayenera kukhala 383, ndipo matumba opanda kanthu 17 akhalepo oti muwaonetse.

Mlembi wa ku Kasungu:
Tinadzazitsanso, chifukwa wogula ankafuna a 50 okhaokha, osawerengera kulemera kwa thumba. Tisanayambe ntchitoyo tinawerenga mulu wonse ndi wosunga makiyi ndipo anali 400. Pa lole panakwera 383. Matumba otsalawo tinawapinda n'kuwaika pakona, mawa m'mawa ndikawawerenga pamaso pa a komiti awiri. Sikelo yathu ndiitenga Lachinayi kukaifananiza ndi ya kopaletivu ya soya ya kutsidya kwa mtsinje, yomwe inayesedwa chaka chino. A msungichuma a ku Ntchisi, chonde nditumizireni chithunzi cha lisiti yanu ija kumbali, ndikufuna ndikaionetse Loweruka.

Mayi a ku Dedza:
Mudzatiuze zimene msonkhano wasankha pa nkhani yogawana ija. Kwathu msonkhano uli mwezi wamawa ndipo ndikufuna kukaima ndi manambala amenewa.